Chibwenzi chikaululika m'banja: zofulumira nazo ndi zodekha nazo

Mafumu athu, abusa ndi mashehe, ankhoswe, alangizi, amayi ndi abambo a kuno ku Mchinji, nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ija ambiri a inu mumadzutsidwira usiku, munthu atagogoda pakhomo akunjenjemera chifukwa wapeza kuti mwamuna wake, kapena mkazi wake, ali ndi chibwenzi chamseri. Ndilankhula ndi amene zawagwera, komanso ndi inu amene mumayala mkeka kuti mumve mlandu.

Tsiku loterolo limabwera ndi zinthu zina zofunika kuzithamangira, chifukwa zili ndi maola owerengeka. Limabweranso ndi chinthu chimodzi chofunika kuchichedwetsa kwa miyezi, chomwe ndi chigamulo choti banja lipitirire kapena lithe. Kwathu kuno timachita mosemphanitsa. Pofika Loweruka ankhoswe akumana kale, nkhuku yopepesera yaperekedwa, anthu agwirana chanza, kapena katundu waponyedwa panja. Koma kuchipatala palibe wapitako, ndipo matumba a soya ali m'nyumba palibe wawawerenga.

Kuti tisamalankhule za m'malere, tiyerekeze banja limodzi. Si la munthu weniweni, ndangoliumba kuchokera ku zomwe zimachitikachitika m'boma lino. Mayi wa ana atatu, wotsiriza akadali kubere, amakhala cha ku Kapiri pamudzi wa kwa mwamuna wake, pakuti adamutenga chitengwa. Bamboyo amagula mtedza ndi soya m'midzi, ndipo nyengo yokolola amadutsa pa Mwami kukagulitsa ku Chipata, n'kugona konko masiku awiri kapena atatu. M'mwezi wa Juni mayiyu wabwereka foni ya bamboyo kuti atumize ndalama kwa mchemwali wake. Waona kuti pali nambala ina yomwe yakhala ikulandira ndalama mwezi ndi mwezi kuyambira chaka chatha, ndipo mauthenga ake si a malonda. Mwini nambalayo ndi mkazi wina wokhala kufupi ndi boda. Kodi mayiyu ayambire pati?

Ayambire kuchipatala, kukangocha. Apite ku Kapiri komweko, kapena ku chipatala chachikulu paboma, akanene mosabisa kuti mwamuna wake amayenda ndi wina ndipo iwo adakhalira limodzi tsiku lakuti. Tsikulo ndi lofunika, chifukwa pali mankhwala otchedwa PEP omwe amatha kutchinga kachilombo ka HIV ngati munthu wayamba kumwa pasanathe maola 72 chikhalireni malo amodzi ndi amene angakhale nako. Amamwedwa masiku 28, ndipo achipatala ndiwo amaona ngati akufunika. Maola 72 amenewa ndi omwe nthawi zambiri amathera polira ndi potumiza mithenga kwa ankhoswe. Akayezedwa magazi n'kupezeka alibe, asaone ngati zatha. Kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga, nthawi zina mpaka miyezi itatu, choncho afunse tsiku lobweranso ndipo alisunge. Mayi wathu uja ali ndi chifukwa china chofulumirira: mayi amene watenga kachilombo kumene amakhala nato tizilombo tochuluka kwambiri m'masabata oyambirira, ndipo mwana woyamwa amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa nthawi ina iliyonse. Ayezetsenso chindoko, ndipo anene ngati akumva kuwawa pokodza kapena akuona zachilendo kumaliseche, popeza matenda ngati chinzonono amatha kukhala mwa mayi osadzionetsa. Kufikira onse awiri atayezedwa kawiri, kuchipinda kukhale kondomu kapena kupumira. Ngati bamboyo akukana zonse ziwiri, mayiyu afunse achipatala za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda kachilombo amamwa kuti adziteteze. Izi si mwano kwa mwamuna, ndipo inu ankhoswe muzizinena nokha pabwalo kuti wolakwiridwayo asaoneke ngati wamakani.

Chachiwiri chofulumira nacho ndi moyo weniweniwo. Nthawi yoopsa kwambiri m'nkhani zoterezi ndi pomwe wina akufunsa mnzake koyamba. Ngati mwamunayo adamenyapo kale, mayi asamufunse usiku, asamufunse ataledzera, ndipo asamufunse ali awiriwiri. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula wankhanza kuti asayandikire mnzake, ngakhale kuti atuluke m'nyumba. Poyambira pake ndi kupolisi, ku ofesi ija timaitcha Vikitimu Sapoti, kapena kuimba 5600 pafoni. Wolakwiridwa nayenso amatha kudzipalira mlandu. Ulendo wokathira mkazi wa pa boda uja madzi otentha umathera m'chitokosi, ndipo amene adali wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu wovulaza munthu, ana atatsala okha. Kumwaza zithunzi ndi mauthenga a anthuwo m'magulu a WhatsApp nako kungamufikitse kukhoti pansi pa lamulo la chaka cha 2016 loona za mauthenga a pamakina, ndipo zomwe zamwazidwa ana adzazipeza akadzakula.

Pano ndiime pang'ono pa abambo, chifukwa nawonso zimawagwera, ndipo iwo kawirikawiri sagogoda pakhomo pa munthu. Mwamuna amene wapeza kuti mkazi wake ali ndi wina amaopa kusekedwa pa bawo kuposa china chilichonse, ndiye amangoti zii. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna, ndipo mavuto a m'banja amatchulidwa kawirikawiri. M'nyumba za alimi muli mankhwala a mbewu, a m'dimba ndi a makoswe. Mukamva kuti mbale wanu zamugwera, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, pitani mukatenge mankhwalawo mukawasunge kwanu, ndipo usiku woyambawo asagone yekha. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumangomupatsa mpata wonena zomwe zili kale mumtima. Akavomera, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi kuwerenga chuma. Mayi wathu uja aitane munthu mmodzi wodalirika, awerenge matumba a mtedza ndi soya, ajambule malisiti a malata, mapepala a njinga yamoto ndi a puloti ngati alipo, alembe ngongole ya ku banki mkhonde ndi dzina la amene adaitenga. Chiphaso chake cha unzika ndi mabuku a kuchipatala a ana aziike pamalo pomwe angazitenge mosavuta. Asabise kanthu, asagulitse kanthu, angowerenga pamaso pa mboni. M'boma la m'malire ngati lino katundu savuta kuwoloka. Matumba akafika tsidya lina, khoti la ku Mchinji lidzavutika kuwalondola.

Zofulumira zathera pamenepa, ndipo zonsezi zimatheka m'masiku atatu popanda kunena kuti banja latha kapena lilipo. Tsopano tibwere ku chomwe sichifuna liwiro.

Akatswiri atatu a za maganizo a ku Amereka, Kristina Gordon, Donald Baucom ndi Douglas Snyder, adasindikiza mu 2004 njira yothandizira mabanja omwe mwalowa chibwenzi chamseri. Adaona kuti wolakwiridwa amachita ngati munthu wopulumuka pangozi yoopsa. Tulo sabwera, chakudya sichilowa, zithunzi za anthu awiriwo zimangobwera m'mutu osaziitana, foni ya mnzake ikalira mtima umagunda ngati uthyoka. M'mawa akufuna kumukumbatira, madzulo sakufuna n'kumuona komwe. Chifukwa chake n'chakuti chomwe chagwa si chikhulupiriro cha lero lokha. Mayi uja ayamba kuwerenganso chaka chonse chapitacho: tsiku lija mwana adagonekedwa kuchipatala bambo ake n'kunena kuti galimoto yafa ku Chipata, kodi adali kuti? Chitenje chija adabwera nacho, kodi adagula ziwiri? Munthu sakudziwanso kuti m'zomwe adakhalamo zoona ndi ziti. Amene ali mumkhalidwe umenewu si wamisala, ndipo si kuti walodzedwa. Koma chigamulo chake cha sabata imeneyo chili ngati kuyeza thumba pa sikelo yomwe ikugwedera: Lolemba ikuonetsa zina, Lachitatu zina. Akatswiriwo adati choyamba ndi kukhazikitsa mtima pansi ndi kuletsa kuti zinthu zisaonongekeretu, chachiwiri ndi kumvetsa chomwe chidachitika, ndipo chigamulo chimabwera pomaliza.

Kukhazikitsa mtima pansi kuli ndi zochita zake zooneka. Awiriwo agwirizane nthawi yokambirana nkhaniyo, mwina ola limodzi masana ana ali kusukulu, m'malo moti izibuka pakati pa usiku uliwonse. Mawu akayamba kukwera, wina anene kuti tiime, ndipo atchule nthawi yomwe apitirize, kuti kuimako kusasanduke kuthawa. Ngati kugona nyumba imodzi sikukutheka, mayi akhoza kukapumira kwawo masabata angapo, koma ankhoswe a mbali zonse auzidwe kuti uku ndi kupuma, si kusudzulana, apo ayi akadzabwera adzapeza nkhani yasanduka yoti adathawa banja. Amene amve zonse akhale anthu awiri kapena atatu osunga pakamwa. Mudzi wonse ukadziwa, mudzi wonse umakhala ndi chigamulo chake, ndipo munthu amadzachita manyazi kukhululuka kapena kuchoka chifukwa cha zomwe adalengeza ali wokwiya.

Kumvetsa chomwe chidachitika kumafuna mafunso, koma si funso lililonse lomwe limachiritsa. Mayi uja ali ndi ufulu wodziwa kuti mkaziyo ndi ndani, zidayamba liti, zatha kapena zikadalipo, ankadziteteza kapena ayi, ndalama zapita zingati, pali mimba kapena mwana, alipo enanso, ndipo ndani mwa achibale ankadziwa. Amenewa ndi mafunso omwe mayankho ake amasintha zochita. Mafunso a momwe zinkakhalira kuchipinda, ndi oti wokongola ndani, amangodzala zithunzi zina m'mutu zomwe zidzatenga zaka kuti zifufutike. Kwa inu amene mudalakwa ndinene mosapita m'mbali: nenani zonse kamodzi. Chomwe chimapha mabanja ambiri si tsiku loyamba lija, koma kuulula pang'onopang'ono. Lero mwati zidachitika kamodzi, mwezi wamawa zadziwika kuti mumalipira lendi, Khirisimasi ikafika kwatulukira mwana. Ulendo uliwonse mnzanuyo amabwerera pomwe adayambira, ndipo kachitatu sakhulupiriranso ngakhale zoona.

Pofufuza chomwe chidatsegula khomo, awiriwo akhoza kupeza zambiri: maulendo ogona kutali, ndalama za nyengo yokolola zomwe zimayenda m'thumba la munthu mmodzi, mowa, anzake omwe onse ali ndi wa pambali, kutalikirana kuchipinda mwana atabadwa. Zonsezi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa zikapanda kusintha zidzabwereza. Koma kufotokoza chifukwa n'kosiyana ndi kugawana mlandu. Apa ndi pomwe mabwalo athu amandipweteka mtima. Mayi wabwera kudzadandaula, ndipo funso loyamba lomwe alangizi amufunsa ndi loti kodi madzi osamba mumawapatsa, kodi kuchipinda mukuchita bwino. Potuluka ndiye amene walangizidwa, pomwe mwamuna wangouzidwa kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, koma azibisa. Ikakhala kuti wolakwa ndi mkazi, bwalo lomwelo silifunsa ngati bambo ankasamala pakhomo. Banja likhoza kukhala ndi zofooka za anthu awiri, koma amene adasankha kunama kwa chaka chathunthu ndi mmodzi, ndipo bwalo liyambe lanena zimenezo momveka.

Sindikunyoza unkhoswe. Anthu a maiko ena amalipira ndalama zambiri kuti apeze munthu wachitatu wokhala pakati pawo, pomwe ife tili naye kuyambira tsiku la chinkhoswe. Vuto lake ndi loti nkhoswe amaona ngati ntchito yake ndi kutseka nkhani tsiku lomwelo, ndipo banja likatha amadziona ngati walephera. Ndikupempha kuti msonkhano woyamba usamathe ndi mawu oti nkhani yatha. Uzitha ndi zinthu zolembedwa papepala ndi tsiku lokumananso.

Tibwerere ku Kapiri kuja. Patha masabata awiri, mayi wayezetsa, wagonako tulo pang'ono, ndipo wakambirana ndi malume ake asanafike pabwalo, kuti zofuna zake zikatuluke pakamwa pa nkhoswe wake. Zofunazo zikhale zoti aliyense angathe kuona ngati zachitika. Bamboyo athetse chibwenzicho pafoni, nkhoswe akumva. Apite limodzi kukayezetsa mwezi uno, ndiponso patatha miyezi itatu. Foni isakhalenso ndi loko yemwe mayi sakumudziwa, ndipo mauthenga a ndalama asafufutidwe. Maulendo a ku Chipata akhale opita ndi kubwera tsiku lomwelo, kapena apite ndi mlamu wake. Ndalama za soya wotsala zisungidwe pomwe onse awiri akuziona, ndipo za feteleza zipatulidwe kale. Kunena kuti asinthe khalidwe, kapena azindikonda, n'kosathandiza pabwalo, chifukwa pa tsiku lokumananso palibe angatsimikize kuti zachitika. Kenaka atchule tsiku. Ena mwa amene amathandiza mabanja omwe ali pamphambano yotere amapereka miyezi isanu ndi umodzi yoyesa ndi mtima wonse. Kuchokera mu Juni ndiye kuti ndi mu Disembala, koma kwa banja la ochita malonda a mbewu ine ndingakonde kuti pakhalenso tsiku lina nyengo yogulitsa ikadzafikanso, chifukwa mwamuna wopanda ndalama mu Januwale savuta kukhala wokhulupirika. Mayeso enieni ndi pomwe thumba ladzadzanso.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza dongosololi. China ndi mwana wobadwira kunjako. Malamulo aakulu a dziko lino amati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana momwe adabadwira, choncho bamboyo sangauzidwe kuti amutaye. Chomwe chingatheke ndi chakuti chithandizo cha mwanayo chidziwike kuchuluka kwake, chizidzera mwa munthu wachitatu kapena pafoni pomwe mayi wa kunyumba akuona, ndipo kukaona mwana kusakhale kokagona. China ndi pomwe bamboyo wayankha kuti ndiye ndingomukwatira. Amene adamangitsa ukwati wawo kwa boma, lamulo silimulola kutenga wachiwiri. Amene adakwatirana mwa mwambo, mitala ndi yotheka, koma ankhoswe musaitenge ngati mankhwala a bodza lomwe lachitika. Pamenepo funso lomwe mayi akuyankha lasintha. Si loti akhululuke chibwenzi chomwe chatha, koma loti avomere moyo womwe sadausankhe, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana.

M'miyezi yodikirayo ayang'ane chiyani? Misozi ya tsiku loyamba siuza kanthu, pakuti wogwidwa aliyense amalira. Chitenje chatsopano nachonso sichiuza kanthu. Ayang'ane zomwe zimachitika pomwe iye wadzuka ndi mtima wowawa patatha miyezi itatu, n'kufunsanso funso lomwe adafunsa kale. Munthu wolapadi amayankhanso, ngakhale zikumuchititsa manyazi. Amanena yekha mkazi uja akamuimbira, asanafunsidwe. Amakumbutsa yekha za tsiku lokayezetsa. Amene sadalape amati kodi nkhani imeneyi sidathe kwa ankhoswe, amagula simu ina, amayamba kulondalonda mkazi wake ndi kumunamizira zibwenzi, amauza abale ake kuti mayiyu wayamba mwano. Ayang'anenso mkati mwake. Ngati masiku abwino akuchulukirako pang'onopang'ono, ngakhale oipa akubwerabe, ndiye kuti bala likupola. Ngati bamboyo wachita zonse koma iye akamumva akulowa m'nyumba thupi limangouma, ndipo miyezi ikupita osasintha, chimenecho nachonso ndi yankho loona, ndipo asadziimbe mlandu. Pomwe pali kumenya, kuopseza, kapena kukakamiza kuchipinda popanda chitetezo, kudikira kulibe ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi ija ndi ya mabanja omwe muli chitetezo.

Abusa ndi akulu a mpingo, pali mawu awiri omwe timawaphatikiza molakwika, kukhululuka ndi kubwererana. Kukhululuka ndi ntchito ya munthu mmodzi: kusiya kufuna kubwezera, kuti mkwiyo usamulamulire moyo wake wonse. Kubwererana ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo kumadalira zomwe winayo wachita. Munthu akhoza kukhululuka n'kuchoka. Akhozanso kukhala m'nyumba zaka makumi awiri asadakhululuke, akupereka nsima mosayang'ana kumaso, ndipo ana amakula akudziwa zonse. Tikamauza mayi kuti banja ndi kupirira, tizimufunsanso kuti akupirira podikira chiyani, ndipo mpaka liti.

Chigamulo chimakhala chodekha pokhapokha njira zonse ziwiri zili zotheka. Amene akukhala chifukwa alibe kolowera sadasankhe kanthu. Choncho m'miyezi yomweyo mayi uja afufuze kuti kuchoka kungatanthauze chiyani kwa iye. Popeza ali pa chitengwa, munda womwe amalima ndi wa kwa mwamuna, ndiye apite kwawo akafunse malume ake ngati malo ake akadalipo, chifukwa masiku ano minda yachepa ndipo wina akhoza kukhala atalimapo kale. Kukadakhala kuti ndi chikamwini, wonyamuka akadakhala bamboyo, n'kusiya nyumba ndi munda zomwe wathirapo thukuta, ndipo ichi n'chomwe chimamangirira amuna ambiri olakwiridwa pamalo pomwe mtima udachokapo kale. M'midzi ya Angoni komwe kudaperekedwa malowolo nkhani ya ana imavuta mwa njira inanso. Koma pa ana khoti siliyang'ana mwambo wokha, limayang'ana chomwe chingamukomere mwanayo, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limakakamiza kholo lililonse kupereka chithandizo ngakhale banja litatha.

Lamulo la maukwati ndi kusudzulana la chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa kwa boma, wa kumpingo, wa mwambo, komanso wa anthu omwe angokhalira limodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu, khoti likatsimikiza. Chigololo ndi chimodzi mwa zomwe khoti limaona pofuna kudziwa ngati ukwati wafika posakonzeka. Pogawa katundu limawerengeranso ntchito za pakhomo, kutanthauza kuti mayi amene ankalima, kusenda mtedza ndi kulera ana sangauzidwe kuti sadaikepo kanthu chifukwa malisiti ali m'dzina la mwamuna. Pamenepa ndi pomwe kuwerenga kwa masiku oyamba kuja kumagwira ntchito. Ukwati wa mwambo umathetsedwa kukhoti la majisitireti, ndipo wopanda ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku ofesi ya boma yoimira anthu osauka pa milandu. Lamulo lomwelo limalolanso kupatukana popanda kusudzulana, kwa amene akufuna mpata wautali koma sadafike pothetsa ukwati. Kusudzulana kwa pamudzi kokha, kopanda chikalata cha khoti, kumasiya mayi wopanda pogwira pa tsiku lomwe chithandizo cha ana chasiya kubwera.

Ena amaopa kuti akachoka adzakhala chinthu chachilendo pamudzi. Kuyambira mu 1998 ofufuza akhala akutsatira mabanja a m'midzi ya maboma atatu, Rumphi, Balaka ndi Mchinji wathu yemweyu. Mmodzi mwa iwo, Georges Reniers, adalemba mu 2003 kuti mwa maukwati oyamba 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 amathera pa kusudzulana, ochepa ku Rumphi, ochuluka ku Balaka, ndipo Mchinji ali pakati. Adapezanso kuti amayi ambiri osudzulidwa amakwatiwanso pasadathe zaka zambiri. Sindikutchula izi kuti ndilimbikitse kutha kwa mabanja. Ndikufuna kuti wosankha kuchoka adziwe kuti si woyamba, komanso kuti achenjere ndi liwiro lomwelo likamubwerera kachiwiri. Ukwati wolowa chifukwa cha njala ya mu Febuluwale, kapena pofuna kuonetsa mwamuna wakale kuti ndikadafunidwa, umalowedwa popanda kuyezetsa ndiponso popanda kufunsa kuti ana atatu aja adzakhala bwanji pakhomo patsopanopo.

Kaya chigamulo chagwera kuti, ana auzidwe zoona zolingana ndi msinkhu wawo: kuti bambo ndi mayi ali pa vuto la akuluakulu, kuti si iwo adalichititsa, ndi kuti adzagona kuti ndipo sukulu adzapita iti. Asatumidwe kukasuzumira foni ya bambo awo, ndipo asaitanidwe pabwalo kudzachitira umboni kholo lina. Amene asankha kukhala adziwe kuti ululu udzabwerabe nthawi zina, makamaka mwezi womwe zidaululika ukafikanso kapena galimoto ya ku Chipata ikachedwa, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti adasankha molakwa. Koma atapanga chigamulo, nkhaniyo isakhalenso chibonga chotulutsa pa mkangano uliwonse wa mchere ndi sopo.

Pempho langa lomaliza likupita kwa inu ankhoswe. Tsiku lokumananso likayandikira, musadikire kuti mukamve zonse pabwalo. Pitani dzulo lake, nkhoswe wa kuchikazi kwa mwana wanu, wa kuchimuna kwa wanu, mukacheze naye payekha mnzakeyo palibe, apongozi palibe. Pabwalo munthu amayankha kuti zili bwino chifukwa maso onse ali pa iye. Mukakhala awiri mutenge pepala lija, muwerenge mfundo imodziimodzi, ndipo pa iliyonse mufunse ngati yachitika ndi tsiku lomwe idachitika. Mufunse ngati akugona tulo, ngati wamenyedwapo kapena kuopsezedwa chikumaniraneni, ndi ngati adabwererako kuchipatala. Mukatero mumufunse chomwe iye akufuna, ndipo chomwe wanenacho mukachinene pabwalo monga momwe wachinenera, ngakhale chitakhala chosiyana ndi chomwe inu mukadakonda.